Chimadzuka m'mawa koma kuchipinda chikugwa: vuto lili m'thupi kapena m'mutu?

"Adokotala, ndili ndi zaka 44, pabanja ndatha zaka 15. Kwa miyezi isanu tsopano, ndikakhala ndi mayi akunyumba chida chimadzuka pang'ono kenaka n'kugwa tisanafike patali. Chondidabwitsa n'chakuti m'mawa ndimadzuka chili chilili, ngakhale si masiku onse ngati kale. Mayi akuti ndiye kuti ndili ndi wina kunja. Mnzanga akuti ndi maganizo chabe. Vutoli lili m'thupi kapena m'mutu?"

Bambo, mnzanuyo mwina walasa, koma wafulumira kuweruza mlandu. Kudzuka kwa m'mawa ndi mboni ndithu, kungoti mboniyi imakhulupirika kwambiri ikanena kuti "ndaona" kusiyana ndi pamene yanena kuti "sindinaone". Chida chikamadzuka cholimba bwino m'mawa, timakhala ndi chifukwa champhamvu chonenera kuti mitsempha ili bwino. Chikapanda kudzuka, sitithamangira kunena kuti thupi lawonongeka, chifukwa zinthu zimene zimabisa kudzukaku n'zambiri. Inuyo muli pakati, ndipo pakati pamenepo m'pamene pamafunika kufunsitsa.

Muyambe mwadziwa kuti chimene mumachiona m'mawa si cha m'mawa ayi. Ndi mchira wa ntchito imene yakhala ikuchitika usiku wonse inu muli m'tulo. Tulo ta munthu timayenda mozungulira, ndipo pafupifupi mphindi 90 zilizonse mumalowa m'gawo limene maso amayendayenda m'kati mwa zikope, lomwe ndi gawo la maloto ambiri. Mwamuna wathanzi akalowa m'gawo limeneli chida chimadzuka chokha, katatu mpaka kasanu pa usiku umodzi, ndipo ulendo uliwonse chimakhala chodzuka kwa mphindi za m'ma 25 mpaka 35. Gawo la malotoli limakhala lalifupi kumayambiriro kwa usiku, n'kumatalika kukamayandikira kucha. N'chifukwa chake ulendo womaliza ndi umene mumaupeza mukatsegula maso. Ena awiri mpaka anayi aja anadutsa inu osadziwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu amakhala walota mkazi. Sizili choncho. Mukhoza kulota mukuthamangitsidwa ndi galu, chida n'kudzukabe, ndipo ngakhale makanda aamuna zimawachitikira. Ena amati ndi mkodzo. Chikhodzodzo chodzaza chikhoza kuthandizirako pang'ono, popeza mitsempha yake ndi ya chida imachokera dera limodzi kumunsi kwa msana, koma masana mumagwira mkodzo kwa maola angapo osaona chilichonse. Chenicheni n'chakuti masana onse thupi limakhala ngati laponda buleki. Timinofu tozungulira mitsempha ya magazi ya m'chida timakhala tofinyika, ndipo chimene chimatifinya ndi mauthenga a m'gulu la adirenalini, omwe aja amagunditsa mtima munthu akachita mantha. M'tulo ta maloto, mbali ya ubongo imene imatumiza mauthengawa imakhala chete. Buleki ikachoka, timinofu tija timamasuka, magazi amathamangira m'timatumba tiwiri tokhala ngati siponji m'kati mwa chida, ndipo timatumbato tikafufuma timatsina mitsempha yotulutsa magazi kuti asabwerere. Kulimba kumachokera pamenepo.

Mwaona tsopano chifukwa chake madokotala timafunsa funso limeneli. Kuti chida chilimbe m'tulo, pafunika mitsempha yolowetsa magazi ikhale yotseguka, yotulutsa itsekeke bwino, mitsempha yonyamula mauthenga kuchokera kumsana ikhale yamoyo, komanso homoni yachimuna, tesitositeroni, ikhale yokwanira. Chimene sichifunika ndi maganizo anu. M'tulo mulibe mantha oti mulephera, mulibe ngongole, mulibe nkhope ya mayi akudikira kuti aone ngati lero zitheka. Ndiye thupi limadziyesa lokha usiku uliwonse popanda woonerera. Ofufuza za tulo anaona kugwirizana kwa kudzukaku ndi tulo ta maloto m'zaka za m'ma 1960, ndipo cha m'ma 1970 dokotala wina dzina lake Ismet Karacan ndi amene analimbikitsa zoti kuyeza kudzuka kwa usiku kungathandize kusiyanitsa vuto la m'thupi ndi la m'maganizo.

Vuto likakhala la m'maganizo, nkhani yake ili ndi kayendedwe kodziwika. Limayamba mwadzidzidzi, ndipo munthu amatha kukuuzani sabata imene linayamba. Kawirikawiri pamakhala usiku umodzi umene zinakanika chifukwa cha kutopa, mowa kapena mkangano, zomwe zimachitikira mwamuna aliyense. Ulendo wotsatira amalowa kuchipinda akudzifunsa kuti, kodi lero bwanji? Funso limenelo palokha limatulutsa adirenalini, buleki ija n'kupondedwa pa nthawi imene imayenera kuchoka. Akalephera kachiwiri mantha amakula, mpaka munthu amakhala ngati waima pakhomo kuonerera thupi lake m'malo mosangalala ndi mkazi wake. Komabe m'mawa chimadzuka cholimba, ndipo akakhala yekha n'kudzigwira chimalimba mpaka pamapeto. Zizindikiro zitatu zimenezi zikakumana, kuyamba mwadzidzidzi, kulephera pa nthawi zina zokha, ndi m'mawa wolimba, ine ndimayamba kuyang'ana kumutu.

Apa ndiyankhepo za mayi. Kudzuka kwa m'mawa sikunena chilichonse za amene mumamufuna. Si chilakolako, ndi ntchito ya tulo. Ndipotu mwamuna amene amalephera chifukwa cha mantha nthawi zambiri amalephera kwa munthu amene safuna kumukhumudwitsa. Mawu oti "muli ndi wina kunja", ngakhale akuchokera m'kuwawidwa mtima komveka, amangowonjezera mantha omwewo, chifukwa tsopano usiku uliwonse wasanduka bwalo la milandu lomwe muyenera kuonetsapo kuti ndinu wosalakwa.

Tsono mboni ija ili ndi malire ake, ndipo apa m'pamene mnzanu wadumpha. Kufufuma ndi kulimba ndi zinthu ziwiri. Mwamuna amene mitsempha yake yayamba kuchepa akhoza kudzuka chida chitakula, iye n'kunena kuti chadzuka, pamene kulimba kwake sikungakwanitse kulowa. Winanso chimalimba koma kwa mphindi ziwiri zokha, chifukwa mitsempha yotulutsa magazi sikutseka bwino. Munthu wotere atagona phee chimaoneka ngati chili bwino, koma akangoyamba kusuntha kapena kusintha kagonedwe chimagwa. Palinso amene shuga wawononga kamvedwe ka pakhungu la chida: usiku chimadzuka poti uthenga ukuchokera m'kati, koma kukhudzidwa sikukufika bwino kumsana. Ndipo kwa abambo opitirira zaka 40, chimene ndimakumana nacho kawirikawiri si thupi lokha kapena mutu wokha. Thupi limatsika pang'ono, mwina pang'ono poti palokha sipakanavuta, kenaka kulephera kumodzi kumabweretsa mantha, mantha n'kumaliza ntchito. Mawu anu oti masiku ano si ngati kale ndi amene akundiletsa kukutsimikizirani kuti ndi maganizo basi.

Nanga chikapanda kudzuka? Apa abambo ambiri amadziweruza okha kuti agwa m'papaya, pamene vuto lili pa tulo. Ngati alamu ikukudzutsani pakati pa tulo tofa nato, osati m'gawo la maloto, simupeza kanthu ngakhale usikuwo chinadzuka kanayi. Ngati mumagona maola anayi kapena asanu okha, mwadula mbali yeniyeni imene tulo ta maloto timachuluka. Ogwira ntchito usiku amadziwa zimenezi. Mowa wa madzulo umapondereza tulo ta maloto, makamaka theka loyamba la usiku, n'kusokoneza totsalato. Ndiye pali mkonono. Sindikunena kamkonono wamba, koma uja woti munthu amaliza kwambiri, kenaka zii, osapuma kwa masekondi khumi kapena kuposa, n'kudzidzimuka ngati akutsamwa. Munthu wotere tulo take timaduka kambirimbiri pa usiku iye osadziwa, mpweya wabwino m'magazi umatsika, ndipo kudzuka kwa chida kumasowa. Woti angakuuzeni zimenezi ndi amene mumagona naye, choncho afunseni mayi.

Chosokoneza kwambiri ndi matenda a kukhumudwa. Awa ndi a m'maganizo, koma akakula amatha kuchepetsa kudzuka kwa usiku, kotero lamulo loti "chikasowa m'mawa ndiye kuti ndi thupi" limagwa pamenepo. Mankhwala ambiri a matendawa, monga fuluokisetini ndi amitiripitilini, amachepetsa tulo ta maloto komanso amatha kufooketsa chida paokha. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, makamaka okodzetsa a mtundu wa haidirokolorothayazaidi ndi ochepetsa kugunda kwa mtima monga atenololo ndi puropuranololo, nawonso amatchulidwa. Chimodzimodzi opha ululu amphamvu monga tiramadolo ndi mofini akamwedwa nthawi yaitali, chifukwa amatsitsa tesitositeroni. Ngati vuto linayamba patangopita masabata ochepa mutayamba mankhwala atsopano, kauzeni amene anakulemberani kuti aone ngati angasinthe. Musasiye nokha. Ndaonapo abambo akusiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi mwakachetechete pofuna kupulumutsa banja, n'kubwera atafa ziwalo mbali imodzi.

Kusowa kwa m'mawa kumayamba kundidetsa nkhawa kukakhala kwapang'onopang'ono, kwa miyezi yambiri kapena zaka, ndipo chida n'chofooka paliponse: m'mawa, muli nokha, muli ndi mayi. Pamenepo timaganiza za mitsempha ya magazi. Mitsempha yolowetsa magazi m'chida ndi yopapatiza, milimita imodzi kapena awiri m'mimba mwake, pamene yodyetsa mtima ndi mamilimita atatu kapena anayi. Mafuta, fodya, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimawononga mitsempha yonse nthawi imodzi, koma waung'ono ndi umene umayamba kuonetsa. N'chifukwa chake vuto la kuchipinda lochokera m'mitsempha limatha kutsogola zaka ziwiri mpaka zisanu matenda a mtima asanaonekere. Ndikamuona bambo wa zaka za m'ma 40 amene m'mawa wake ukuzilala, ndimaganizira mtima wake ndisanaganizire za mapilitsi. Tesitositeroni ikatsika, nkhani imasiyanako: kudzuka kwa m'mawa ndi kumene kumayamba kusowa, chilakolako chimazilala, munthu amangomva kutopa, koma akakokedwa bwino nthawi zina chida chimayankhabe.

Ndiye musadalire kukumbukira, chifukwa munthu wodandaula amakumbukira masiku oipa okha. Tengani kapepala mulembe masiku 14 otsatizana. M'mawa uliwonse lembani maola amene mwagona, ngati munamwa mowa, ngati mwadzuka nokha kapena ndi alamu, ndiponso kulimba kwa chida pa muyeso wa 1 mpaka 4 umene timagwiritsa ntchito kuchipatala. Pa 1 chida chakula koma n'chofewa. Pa 2 chalimba koma sichingalowe. Pa 3 chingalowe ngakhale sichinalimbe kotheratu. Pa 4 chalimba gwa, chosapindika. Ngati mwadzidzimuka pakati pa usiku n'kuchipeza chodzuka, lembaninso, chifukwa ndi umboni womwewo. Yesetsani kuti pa masiku amenewa pakhale angapo oti mwagona maola asanu ndi awiri, osamwa, n'kudzuka nokha.

Ndikuuzeni za bambo wina wa zaka 51 amene ndinamupatsa ntchito yomweyi. Anabwera akunena motsimikiza kuti vuto lake ndi nkhawa za kuntchito, ndipo umboni wake unali woti "m'mawa chimadzukabe". Atabwera ndi kapepala kake, kopindapinda m'thumba la malaya, tinawerengera limodzi. Pa masiku 14, chinadzuka masiku anayi. Masiku atatu analemba 2, tsiku limodzi 3, ndipo 4 panalibe. Masiku asanu anagona mokwanira osamwa mowa, koma mwa asanuwo chinadzuka kamodzi kokha, kutanthauza kuti sitikananamizira tulo. Nditamufunsa kuti 4 anamuona liti komaliza, anakhala chete kwa kanthawi, n'kunena kuti mwina zaka ziwiri zapitazo. Vuto la kuchipinda iye ankaliwerengera miyezi isanu ndi umodzi, koma thupi linali litayamba kutsika kale, iye n'kumangozolowera.

Ndinamufunsanso za usiku, ndipo anati amadzuka katatu kukakodza, ludzu silimutha, komanso kumapazi kumachita dzanzi. Ankasuta ndudu pafupifupi khumi pa tsiku. Kuthamanga kwa magazi kunali 158/96, ndipo titabwereza tsiku lina sikunatsike, pamene malire amene timayambira kunena kuti kwakwera ndi 140/90. Shuga wa m'mawa asanadye anali mamilimolo 9.4 pa lita, pomwe matenda a shuga timawatchula kuyambira pa 7.0, ndipo kuyeza kwachiwiri kunatsimikiza. Tesitositeroni inali bwinobwino. Nkhawa za kuntchito zinalipodi, mantha a kuchipinda analiponso, koma zinakwera pamsana pa shuga amene anakhala naye mwina zaka osadziwa. Tinayamba mankhwala a shuga, tinasankha a kuthamanga kwa magazi amene savutitsa kuchipinda, anayamba kuyenda mothamanga mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, ndipo fodya anamusiya movutikira. Nditatsimikiza kuti mtima wake ungapirire, ndinamupatsanso mapilitsi odzutsa chida otchedwa silidenafilo. Patatha miyezi isanu ndi umodzi kapepala katsopano kanaonetsa masiku asanu ndi awiri pa 14, ambiri ali pa 3. Sanabwerere pa unyamata, ndipo sindinamulonjeze zimenezo, chifukwa mitsempha imene shuga waidya siibwerera yonse.

Kapepala kakanaonetsa masiku khumi kapena kuposa, ambiri ali pa 4, mwa munthu amene vuto linamuyamba usiku umodzi wodziwika, ndikanayezabe shuga ndi kuthamanga kwa magazi poti zaka zafika, koma nthawi yambiri tikanaithera pa mantha. Musatenge manambalawa ngati malire olembedwa pamwala. Palibe chiwerengero chovomerezeka cha masiku amene mwamuna ayenera kudzuka chili chilili pa sabata, ndipo n'zachibadwa kuti bambo wa zaka 60 aziona mocheperapo kusiyana ndi mnyamata wa zaka 20. Chimene ndimayang'ana ndi kusintha kwa munthu poyerekeza ndi m'mene iye mwini analili, komanso ngati 4 akupezekako ngakhale kamodzikamodzi. Tsiku limodzi la 4 weniweni wokhalitsa limandiuza zambiri kuposa masiku asanu opanda kanthu.

Mwina mudzamva za kuyeza ndi masitampa. Kale madokotala ankauza munthu kuti azungulize mzere wa masitampa a kalata pachida pogona, n'kumata kumapeto, ndipo ukapezeka woduka pa timabowo m'mawa ankati chinadzuka. Ine sindiwerengera kwenikweni njirayi. Pepala limatha kuduka munthu akamatembenuka, kapena kuduka chifukwa chida chafufuma osalimba, ndipo silinena kuti chinakhala nthawi yaitali bwanji. Zipatala zina zikuluzikulu zili ndi kachipangizo ka mphete ziwiri, ina kutsinde ina kunsonga, kamene kamalemba kukula ndi kulimba usiku wonse. Amayeza mausiku osachepera awiri, ndipo kulimba kofika 60 pa 100 kunsonga kwa mphindi khumi kapena kuposa kumatengedwa ngati chizindikiro choti thupi likugwira ntchito. Koma abambo ambiri safunika kufika kumeneko. Mafunso abwino, kapepala kaja ndi kuyeza magazi zimayankha zochuluka.

Kwa inu, Bambo, masiku 14 akatha pitani kuchipatala ndi kapepala kanu komanso mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale azitsamba ndi ogula nokha. Pemphani akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga musanadye kapena HbA1c, yomwe imaonetsa m'mene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndi mafuta a m'magazi. Tesitositeroni iyezedwe m'mawa isanakwane 11 koloko musanadye, chifukwa imakwera m'mawa n'kutsika madzulo, ndipo ikapezeka yotsika ibwerezedwe tsiku lina musanavomere kuti ndi yotsikadi. Mapilitsi odzutsa chida musagule mwamseri musanayezedwe. Amatha kugwira ntchito kwa onse, wa mantha ndi wa shuga yemwe, choncho akakuthandizani sanakuuzeni gwero la vuto, angolikwirira. Ndipo kwa amene amamwa mankhwala a mtima a gulu la naitireti, monga aja oika pansi pa lilime chifuwa chikagwira, kuphatikiza ndi silidenafilo kumagwetsa kuthamanga kwa magazi mpaka kupha.

Pali kudzuka kumodzi kwa usiku kumene si chizindikiro chabwino, ndipo ndikutchule ngakhale simunafunse. Chida chikalimba mopweteka, osagwa ngakhale mwakodza kapena kuyendayenda, n'kufika maola anayi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Magazi akakhala otsekeredwa m'menemo amatha mpweya ndipo minofu imawonongeka. Zimachitika kawirikawiri kwa amene ali ndi matenda a siko selo, ndipo ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi.

Pa masabata awiri amene mukulemba kapepalawa, gwirizanani ndi mayi chinthu chimodzi: muzigona limodzi, kukhudzana ndi kusisitana m'mene mungafunire, koma kulowa ayi, ngakhale chida chitadzuka. Lamuloli limachotsa mayeso, ndipo kwa mwamuna amene vuto lake ndi mantha, chida chimayamba kulimba pa nthawi yomwe chaletsedwayo. Zikatero mulembe pa kapepala pomwepo. Zikapanda kusintha, mulembenso. Mayi muwapemphe kuti iwo azimvetsera mkonono wanu ndi kuona ngati mumasiya kupuma, ndipo tsiku lopita kuchipatala mupite nawo, chifukwa pali mafunso a usiku amene inu simungayankhe.